Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma wa ndani?

Makolo adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Sadaname, koma adachoka pabwalo asanatiuze kuti mtolowo umamangidwa kangati pa chaka, ndiponso adzausenza ndani.

Ku Kafue Estates, kumene nyumba zambiri zidamangidwira antchito a mafakitale ngati Nitrogen Chemicals of Zambia, nkhaniyi idafika pakhomo mu 2023, boma litalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za ku NAPSA asanapume pantchito. Amene sadakondepo masamu kusukulu adayamba kuwerengetsa mpaka usiku.

Tiyerekeze kuti mwaika K10,000 pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pa chaka. Akachiwerengera kamodzi pakutha pa chaka, mudzapeza K11,200. Akamawerengera mwezi ndi mwezi, 1 peresenti nthawi iliyonse, chiwongoladzanja cha Januwale chimayamba kubala chake mu Febuluwale, ndipo mudzapeza K11,268. Ilipo njira yachitatu, yokondedwa ndi aphunzitsi a masamu, imene ndalama imaswana mosalekeza, osapumira ngakhale pa Sabata. Imeneyo ikupatsani K11,275. Thukuta lonselo phindu lake ndi K7, yosakufikitsani n'komwe ku Lusaka pa basi. Wokangana za njira ziwiri zomalizazi ali ndi nthawi yotaya.

Mtolo weniweni uli kwa woponya mwezi uliwonse. Mayi woika K500 kumapeto kwa mwezi kwa zaka 5 amakhala atatulutsa K30,000 m'chitenje chake, koma pa 1 peresenti pa mwezi adzatenga K40,835. Pa kompyuta amalemba chonchi:

```
=FV(0.12/12,60,-500)
```

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amawerenga miyezi 60, koma n'kuiwala kugawa 12 peresenti ija pa miyezi 12. Yankho limatuluka loposa K3.7 miliyoni, munthu n'kuyamba kufunsa mtengo wa famu m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Mukaona K500 yakusandutsani bwana m'zaka 5, dziwani kuti mwakwatitsa chiwongoladzanja cha chaka ndi miyezi.

Masamuwa amayendanso chobwerera. Mlamu akati, "Alamu, ndibwerekeni K10,000, ndidzabweza yomweyo pakatha zaka 3," gawani ndalamayo ndi 1.12 katatu. Lonjezo lakelo lero likulemera K7,118 basi. Yotsalayo mwamupatsa yaulere, ndipo sadzathokoza.

Mwambiwu amaudziwa bwino ndi a kaloba. Tinene kuti akubwerekani K1,000 pa 30 peresenti pa mwezi, inu n'kumazemba chaka chathunthu, iwo akuunjika chiwongoladzanja pa chinzake. Ngongoleyo idzakhala itadutsa K23,000, ndipo wosenza ndinu. Choncho wina akakutchulirani peresenti, musayambe mwasayina. Mufunseni kaye kuti, "Imeneyi ndi ya pa mwezi kapena ya pa chaka?"