Kalata kwa alandilodi anga

Bambo alandilodi,

Kalatayi ndikulembera pa tochi ya foni, m'nyumba yanu ya kuno kwa Mwase. Zalendi tikambirana fodya akatuluka ku Chinkhoma. Lero nkhani ndi magetsi.

Musathamangire kunena a ESCOM. Athu akathima, kwa aneba wailesi imakhala ikuimba. Chomwe chimagwa ndi buleka ya m'kabokosi ka kuseri kwa chitseko, ndipo ndaidzutsa kambirimbiri moti ana ayamba kunditcha injiniya.

Ndiyambe ndaulula machimo anga. Pa soketi ya kukhitchini ndinkalumikiza hotipuleti ya mawati 2000 ndi ketulo ya mawati 2000 pa adaputala imodzi. Mwana wanga wa fomu 3 anandiwerengera kuti 4000 kugawa ndi mavoti 230 ndi maampu 17, pomwe pa pulagi palembedwa 13. Fiyuzi itapsa ndinaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, mayi a kunyumba n'kundiyamikira nzeru kwa masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu adaputala inasungunuka ngati phula. Mlandu umenewo ndi wanga, ndaulapa, tiyi tsopano amadikira nsima ipse.

Koma taonani izi, bambo. Mvula ikangogwa buleka imagwanso, zonse titazula, ngakhale tchaja. Pamenepo sindinganene kuti katundu wachuluka. Ndiye kuti madzi akukhudza waya penapake, moto n'kumathawira kumene sukuyenera, ndipo ndikukayikira paja denga limadontha pakhonde.

Soketi ya kuchipinda ndiye yandisowetsa tulo. Ndikalowetsa pulagi ya simbi imathetheka, imalira ngati njuchi, ndipo m'mbali mwa bowo lina mwada bii. Ukaigwira ndi yofunda, fungo ngati usipa wopserera. Akuti waya akakhwepa pa sikulu amatentha pang'onopang'ono, buleka osadziwa kanthu, chifukwa moto wodutsawo sunapyole muyeso. Chigafa changa chili mapazi khumi kuchokera pa windo la chipindacho, fodya wouma ali tho. Ndazimitsa buleka ya masoketiwo, choncho kutchalitchi ndikupita ndi malaya okwinyika ngati ndawalanda m'kamwa mwa ng'ombe.

Chonde musanditumizirenso mphwanu uja wa tesitala m'thumba. Iye uja anandilangiza kuchirikiza buleka ndi kamtengo kuti isamagwe, ndipo ine, bambo wa ndevu zanga, kamtengoko ndinakasema. Anakalanda ndi mayi n'kukasonkhezera pa mbaula.

Ndikupempha munthu wa chiphaso cha MERA, ndipo ndichione ndi maso. Abwere ndi makina ayeze ngati mawaya sakudontha moto, atsegule soketi iliyonse, asinthe yopsayo, aonenso chitsulo cha efi chokhomedwa pansi kuseri kwa nyumba, poti waya wake ndinamupeza wolekana nacho, mbuzi itamangidwapo. Zomwe apeze atilembere papepala.

Mbuziyo ndi yanga.

Ine wanu wokhala mumdima,
wa nyumba ya kumapeto.