Kalata ya Wogulitsa M'sitolo ya pa Bowe

Okondedwa Bwana,

Ndagwira cholembera ndi dzanja lonjenjemera, pakuti uthenga umene munatumiza kuchokera ku Mponela, wofunsa chifukwa chake katundu wa mwezi wa Juni waperewera, unandipeza ndikusesa pakhonde, ndipo mawu aja akuti "kapena m'sitolomo muli khoswe wovala nsapato" anamvedwanso ndi telala wa pakhonde pathu, amene tsopano wawafikitsa msika wonse.

Ndiyambe ndi shuga, popeza ndiye wakula mlandu. Mwezi wa Meyi unatha tili ndi mapaketi 7. Munatumiza mabelo atatu a mapaketi 20 lililonse, ndipo onse pamodzi anakwana 67. Buku likuchitira umboni kuti ndinagulitsa 41, kotero kuti pa shelefu payenera kukhala 26. Koma powerenga, ngakhale ndinabwereza katatu, kachitatuko nditapemphera, ndinapeza 15. Otayika ndi 11, ndipo ine, monga mbusa wosafuna kutaya nkhosa, ndawalondola mmodzimmodzi.

Anayi anapita kumaliro a kwa anyakwawa, inu nomwe mutalamula pa foni kuti dzina la sitolo limveke pamene akuwerenga zipepeso; linamvekadi, ndipo anthu anang'ung'udza moyamikira, koma nditafuna kulemba munati za maliro salemba m'buku la malonda. Atatu anatenga alamu anu, amene salowa m'sitolo ngati wogula, koma amazungulira kauntala, nakhala pa thumba la mchere, nafunsa za moyo wa makolo anga mwaulemu wotere kuti munthu wolera bwino sangawatchulire mtengo. Nditawaonetsa buku la ngongole anaseka, nati, "Mwanawe, munthu angakongole m'nkhokwe ya mlongo wake?" Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu, Bwana, ndiye wovala nsapato uja: nsapatozo ndi zanu zakale zofiira.

Za mapaketi awiri otsatira ndilemba motsitsa mawu. Anatengedwa ndi mayi aja a ku Madisi, amene munandilangiza kuti ndiziwapatsa chimene afuna, koma dzina lawo lisaoneke m'buku limene mayi a kunyumba amawerenga. Ndasunga lamulo lanu mokhulupirika, ngakhale kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano wovumbwa ndine.

Paketi imodzi inabooka pa njinga ya kabaza, nyerere n'kumaliza zotsala. Yomaliza ndinamwera tiyi ine mwini, pang'onopang'ono, m'mamawa mozizira mwa mwezi uno. Sindibisa, pakuti ngakhale chilamulo cha Mose chinakomera mtima ng'ombe yopuntha tirigu.

Mafuta ophikira ali ndi nkhani yawoyawo. Chigubu cha malita 20, poyeza ndi kakapu kathu kamene kamalowa kokwana 20 m'lita imodzi, chiyenera kutulutsa miyeso 400, ndipo ndalama zapezeka za miyeso 361. Koma 400 ameneyo amakhala papepala pokha. Kukazizira mafuta amagwirana, namatirira m'chigubu, m'fanulo ndi m'kakapu momwe, kotero kuti ndimayamba ndawaika padzuwa. Akasungunuka, amadza amayi a m'mudzi, amene sachoka pakauntala asanaone kadontho ka basela, ndipo ukawamana amakukumbutsa kuti sitolo ya kutsidya kwa msewu ili ndi mnyamata wodziwa ulemu. Kadontho kamodzi sikaoneka, koma madontho a mwezi wathunthu ndiwo miyeso 39 imeneyo. Nsupa yosatha mafuta inali ya mkazi wamasiye wa ku Zarefati yekha. Ya pa Bowe imatha.

Sopo sanasowe konse. Mitanda 6 ili kwa alimi a fodya amene alonjeza kulipira ndalama zawo zikatuluka ku okushoni ya ku Kanengo, ndipo tsiku lililonse amadutsa kuseri kwa sitolo, njira yaitali ya kuchigayo, kuopa kundivutitsa ndi moni.

Tsono ndamva kuti mwaganiza zodula zonsezi pa malipiro anga. Sinditsutsa nzeru zanu, Bwana, koma ndikumbutse modzichepetsa kuti malipiro a Epulo ndi a Meyi sanafike, kotero kuti mpeni wanu ulibe podula. Ngati kukukomerani, tumizani malipirowo mutachotsapo mtengo wa paketi imodzi ya tiyi ija, ndipo mundiuzenso dzina limene ndizilemba m'buku mayi a ku Madisi akabwera, pakuti anena kuti Loweruka adzafuna mpunga.

Ine wantchito wanu womvera,
Mnyamata wa m'sitolo