Chikomekome cha Penshoni

Akuluakulu amene anati “chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere” sankalandira penshoni. Ankachenjeza anyamata opusitsidwa ndi nkhope, ndi atsikana opusitsidwa ndi njinga yobwereka. Koma akanadzuka lero n'kuona kalata imene munthu amapatsidwa tsiku lopuma pantchito, akanailawa pang'ono, n'kuing'amba pakati, n'kunena kuti mtengo wake ndi womwe uja.

Kalatayo imakoma. Imati: kuyambira mwezi uno muzilandira K200,000 mwezi ndi mwezi mpaka tsiku limene Chauta adzakuitaneni. Palibe bwana wokukalipirani, palibe kudzuka tambala woyamba, palibe kulimbirana minibasi. Ndipo kalatayo sinama ayi. Chaka choyamba ndalama ibwera K200,000. Chaka chachisanu ibwera K200,000. Chaka chakhumi ibwerabe K200,000, yokhulupirika kuposa mkamwini. Khungu la nkhuyu silisintha. Ntchito yonse ikuchitikira m'kati.

Tiyeni titenge munthu wongoyerekeza, tiwatche a Uje, ndipo mitengo nayo tiyerekeze kuti masamu asavute. Tsiku limene a Uje akupuma, thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili pa K50,000. Penshoni yawo ndi matumba anayi. Akuyenda pamsika manja kumbuyo, ogulitsa akuwaitana kuti “bwana”. Tsopano tinene kuti mitengo ya zinthu ikukwera ndi 20 peresenti chaka chilichonse. Chaka chikatha thumba lija lili pa K60,000, ndipo a Uje akugula matumba atatu ndi kakusefukira. Sakudandaula kwenikweni, akuti ogulitsa a masiku ano ndi adyera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Amaganiza kuti ngati thumba lakwera ndi K10,000 chaka chino, chaka chamawa likweranso ndi K10,000. Sizitero. Peresenti ya chaka chachiwiri imawerengedwa pa mtengo watsopano, osati wakale. Ndiye kuchoka pa K60,000 lipita pa K72,000, kenako K86,400, kenako K103,680. Pakutha zaka zinayi zokha mtengo wawirikiza kawiri, ndipo a Uje, amene ankanyamula matumba anayi, sakukwanitsa ngakhale awiri. Zikatha zaka khumi thumba lili pafupifupi K310,000. Ndalama ya mwezi wonse sikudzaza thumba limodzi, ndipo ogulitsa aja asiya kunena “bwana”, ayamba kunena “madala, mugula kapena mukungogwira?”

Palibe amene waba. Mukapita kubanki ndi ndodo, akuonetsani buku, ndipo tambala iliyonse ilimo. Nyerere zimenezi sizidya chiwerengero. Zimadya chimene chiwerengerocho chingagule.

Pali kanjira kodziwira liwiro la nyererezi popanda kuvutitsa mdzukulu wa ku sekondale. Tengani 72 muigawe ndi peresenti ya kukwera kwa mitengo. Yankho lake ndi zaka zimene zidzadutse kuti mphamvu ya ndalama yanu itsike ndi theka. Si masamu olondola mpaka pa tsiku, koma salakwa kwambiri. M'dziko limene mitengo imakwera ndi 3 peresenti, theka limapita pakatha zaka 24, moti munthu amatha kumwalira asanazindikire. Pa 20 peresenti theka limapita zaka zinayi zisanakwane. Pa 30 peresenti, zaka zitatu sizikwana. Ife kuno ku Malawi sitifunika kuyerekeza kwambiri: mu 2023 ndi 2024 kukwera kwa mitengo pachaka kunali pamwamba pa 25 peresenti, ndipo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anapuma ndi penshoni yosasintha zisanachitike zimenezi safuna mphunzitsi wa zachuma. Iwo ndiye aphunzitsi.

Wantchito ali nazo zida. Akhoza kudandaula kwa bwana, bungwe lake likhoza kuopseza sitiraka, mwinanso akhoza kusamukira kwina. Wogulitsa tomato amangochotsa mmodzi pamulu. Koma wopuma pantchito anyanyala chiyani? Akasiya kukhala pakhonde, ndani amve kuwawa?

Pali nthabwala ina imene wailesi imawachita a Uje mosadziwa. Ofesi ya boma yowerengera zinthu ku Zomba imalengeza mwezi uliwonse mmene mitengo yayendera, ndipo tsiku lina amamva kuti kukwera kwa mitengo kwatsika kuchoka pa 30 kufika pa 20 peresenti. Amavala jekete, n'kupita kugolosale kukaona sopo wotchipa. Amakapeza kuti sopo wakweranso. Chimene chatsika si mtengo, koma liwiro lokwerera. Nyerere sizinatuluke, ndipo zimene zinadya kale sizilavula. Zangoyamba kutafuna mwaulemu.

Ndiye n'chifukwa chake mabungwe ena a penshoni amakweza malipiro chaka ndi chaka. Si chifundo cha pa Khirisimasi. Chifukwa choyamba n'chakuti chimene munthu ankasonkhera zaka zonse zija si pepala lolembedwa manambala, koma nsima, sopo ndi mankhwala a ukalamba wake. Chachiwiri n'chakuti ndalama za bungwelo sizigona m'chitini. Zimabwereketsedwa ku boma pa chiwongoladzanja, zimagula magawo a makampani, zimamanga nyumba za lendi, ndipo mitengo ikamakwera, chiwongoladzanja ndi lendi nazo zimakonda kutsatira. Kumene penshoni imalipidwa kuchokera ku zosonkha za amene akugwirabe ntchito, malipiro akakwera zosonkhanso zimakwera. Bungwe likamalandira ndalama za chaka chino n'kumalipira a Uje ndi mtengo wa zaka khumi zapitazo, ndiye kuti pali wina amene akunenepa, ndipo si a Uje.

Nanga bwanji pachaka, osati pamwezi? Chifukwa bajeti ndi ya pachaka, akatswiri owerengera thumba la penshoni amafuna nthawi, ndipo mitengo ya mwezi umodzi imanama. Chimanga cha mu Febuluwale ndi cha mu Meyi si chimodzi. Mukakweza penshoni m'nyengo ya njala, mudzaitsitsa nthawi yokolola? Yesani muone.

Mayiko amasiyana pa ndodo yoyezera. Ku Zambia, bungwe la NAPSA limasintha penshoni chaka chilichonse potsatira mmene malipiro a ogwira ntchito m'dzikomo akwerera. Ku America boma limatsatira mitengo ya zinthu, ndipo lakhala likukweza lokha popanda kudikira aphungu kuyambira 1975. Ku Britain anachita kukhoma ndi maloko atatu: amayang'ana kukwera kwa mitengo, kukwera kwa malipiro, ndi 2.5 peresenti, n'kutenga chachikulu pa zitatuzo. N'chifukwa chake mu Epulo 2023 penshoni ya boma kumeneko inakwera ndi 10.1 peresenti. Koma achibale athu amene akutha mphamvu zawo m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba za ku Britain amve ichi: kukwezako kumatsatira kumene munthu akukhala. Mukabwerera kudzakhala ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena ku Joni, penshoniyo mudzalandirabe, koma imaima pa mlingo umene inali, osakweranso. Paundi ndi yolimba kuposa kwacha, inde, koma nayonso ili ndi nyerere zake, zoyenda pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira.

Tsopano tibwere pamene mwambi uja umaluma kwenikweni. Kuno kwathu lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakhazikitsa kuti bwana azisonkha zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Munthu akapuma amatenga gawo lina nthawi imodzi, ndipo lotsalalo ndi limene limasanduka ndalama ya pamwezi, kawirikawiri kudzera ku kampani ya inshulansi. Tiyerekeze kuti a Uje aikidwa mbale ziwiri patsogolo. Yoyamba: K200,000 pamwezi, yosasintha. Yachiwiri: K120,000 pamwezi, yokwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse. Ndalama imene anasonkha ndi imodzimodzi. Kampani siwonjezerapo yake, imangosintha nthawi yoperekera. Kukwera kwa mawa amakulipira okha lero.

Ndani angaloze mbale yachiwiri pamaso pa mayi a kunyumba? Yoyamba ndi yofiira, yonenepa, yonunkhira. Koma werengani. Ya K120,000 ija ikakwera kasanu ndi kamodzi imafika pafupifupi K213,000, ndiye m'chaka chachisanu ndi chiwiri yadutsa inzake, ndipo kuyambira pamenepo siyang'ananso kumbuyo. Mukaphatikiza zonse zimene munthu walandira chiyambire, yachiwiri imapambana m'chaka cha 11. Funso lenileni limene kampani ikuwafunsa a Uje, mwaulemu ndi tiyi patebulo, ndi lakuti: kodi mukuganiza kuti mukhala zaka zingati? Amene dokotala wawauza kale mawu olemera, kapena ali ndi nyumba ya lendi imene angakweze okha, sachimwa kusankha yoyamba. Koma amene kwawo anthu amafika zaka 90 akulimabe, alingalire kawiri, chifukwa dalitso la moyo wautali ndi limene limapatsa nyerere nthawi.

Ngakhale mbale yachiwiriyo si mankhwala athunthu. Kukwera ndi 10 peresenti pamene mitengo ikuthamanga ndi 20 ndi kusaukabe, kungoti mochedwerapo. Ndipo ngakhale kumene amatsatira mitengo ndendende, kukwezako kumabwera pambuyo: mitengo imakwera miyezi khumi ndi iwiri, penshoni n'kudzaipeza kamodzi, itatopa kale. Komanso dengu limene boma limayezera ndi la banja wamba. Dengu la a Uje ladzaza ndi mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ochokera kunja, amene amalumpha tsiku lomwelo kwacha ikagwa.

Choncho musanasaine, funsani mafunso atatu, ndipo musachite manyazi ngakhale wokuthandizaniyo ndi msinkhu wa mwana wanu. Kodi ndalamayi imakwera? Ngati imakwera, imatsatira chiyani: mitengo, malipiro, kapena peresenti yokhazikika, ndipo ili ndi malire? Lachitatu ndilo lofunika kuposa onse: kukwerako kwalembedwa ngati lonjezo, kapena kwalembedwa kuti oyang'anira thumba “akhoza kuganizirapo” zinthu zikayenda bwino? Mawu akuti “tidzaona” tonse tikuwadziwa. Tinawauza ana athu atapempha nsapato, ndipo tikudziwa kuti nsapatozo zinagulidwa liti.