Ulemu kwa Che Fungo a ku Mangochi

Dziko lino latamanda anthu ambiri amene sanachite kanthu, choncho sindikuona cholakwa kupereka ulemu kwa amene ntchito yawo mphuno iliyonse ingaichitire umboni. Ndikunena Che Fungo, amene amakwera kulabokosi ya nsomba ku Mangochi kapena ku Senga Bay osalipira, nafika m'tauni, nakhazikika. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mawu amenewa Che Fungo sanawamvepo. Chambo chimadyedwa tsiku lomwelo, minga amatola amphaka, ayisi amasungunuka. Iwo okha ndi amene amatsala, ndipo pa Khirisimasi mukatsegula kulabokosi kuti muikemo zakumwa mudzawapeza ali momwemo, athanzi kuposa mmene anabwerera.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'choti salandira ziphuphu. Bwana wina akanyamuka ndi galimoto ya ku ofesi ati akupita ku msonkhano wa kunyanja, malisiti angathe kukonzedwa, lipoti lingalembedwe ndi munthu amene sanapiteko, koma buti ya galimoto imanena zoona kwa mwezi wathunthu. Aliyense wokwera kumbuyo amadziwa kuti mfundo yaikulu ya msonkhanowo inali yogulidwa pamulu. Madalaivala akale ankawadziwa bwino Che Fungo, n'chifukwa chake mpaka lero mumaona chambo chili lende pa galasi la m'mbali, chikuombedwa mphepo msewu wonse. Ife ophunzira tinaona ngati zimenezo n'zachimidzi, tinagula bokosi lapulasitiki lotseka bwino, n'kuwamangira mlendoyo nyumba ya malata.

Mbiri ya banja lawo ndi yodziwika. Nsomba ikangofa, tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba kuphwanya mnofu ndi mamina a pakhungu pake, ndipo pamatuluka timpweya totchedwa amini, achibale ake a amoniya. Nsomba za m'nyanja ya mchere, monga karapau wa m'mafiriji uja, zimatulutsa wambiri kuposa chambo chathu, koma chambo nacho chili ndi mafuta ake amene amasasa akakhalitsa. Mafutawo ndi amene amachititsa kuti pulasitiki ikhale kwawo kwenikweni kwa Che Fungo. Pulasitiki imakana madzi koma imagwirizana ndi mafuta, choncho madzi otsukira amangotsetsereka pamwamba pomwe mafuta a nsomba akanirira m'timikwasa tonse timene mipeni, ayisi ndi minga zinasiya.

Tsopano pali mwambo umodzi umene anthu a m'dera lathu amausunga mokhulupirika, ndipo ndi umene umandisangalatsa kuposa yonse. Munthu akabwereka kulabokosi, pobweza amaitsukuluza kamodzi, osaipukuta, kenako amatseka chivindikiro mwamphamvu mpaka chilire, ati musalowe fumbi. Amaisunga kuseri kwa chitseko sabata yonse podikira tsiku limene angakhale ndi mpata. Akamaibweretsa amaipukuta kunja kokha, n'kunena mwaulemu kuti, "Amayi a kwathu, zikomo kwambiri, taitsuka kale." Inu mumalandira ndi manja awiri. Simungatsegule iwo ali pomwepo, ndi mwano. Mumadikira atuluke pageti. Ndiye mukakweza chivindikiro, Che Fungo amakupatsani moni wa sabata yonse nthawi imodzi, agalu a nyumba yachitatu n'kudzuka.

Palibe chimene aneba aja analakwitsa pa ntchito yolera mlendo. Bokosi lija linapangidwa kuti mpweya usalowe kapena kutuluka. Muli chinyezi, muli kutentha kwa mwezi wa Okutobala, muli timadzi ta magazi tobisala m'kabowo kotulutsira madzi ndi mumzere wa chivindikiro. Tizilombo tija tikanapempha malo abwino oposa amenewa, akanatinena kuti ndi tadyera.

Adani a Che Fungo ndi ambiri, koma ochuluka a iwo amangowathandiza. Woyamba ndi uja amathamangira ketulo ya madzi owira. Madzi otentha amaphika timnofu ndi magazi otsalira, n'kuzimatiriza ku pulasitiki monga dzira limamatirira m'poto, ndipo nthunzi imanyamula fungolo kukaligawa m'makatani. Wachiwiri ndi uja amapoperamo perefyumu, amene amangotipatsa chambo chopita ku ukwati. Wachitatu anamva kuti viniga amathandiza, soda nayenso amathandiza, ndiye amathira zonse pamodzi. Thovu limene limatuluka limasangalatsa ana, koma viniga ndi wowawasa, soda ndi wotsutsana naye, ndiye akakumana amathana mphamvu okhaokha. Chotsala ndi madzi a mchere basi, Che Fungo ali pambali kuonerera ndewu.

Ngati mwatsimikizadi kuti mlendo wolemekezekayu apite, ndondomeko yake ndi iyi, ndipo ndikuinena ndi chisoni. Titenge kulabokosi ya malita 25 imene yabwera kuchokera kwa aneba ili chitsekere. Itulutseni panja. Yambani ndi madzi ozizira, mutsukuluze mpaka mamba ndi zonanda zonse zichoke, ndipo pokhapo m'pamene madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale angalowe kudzachotsa mafuta. Pezani mswachi wakale. Tsegulani kachitseko ka bowo lotulutsira madzi ngati lilipo, mukweche mkati mwake, mukweche mumzere wa chivindikiro ndi m'mahinjesi. Anthu amakwecha pansi pa bokosi mpaka thukuta, kumene kulibe vuto lalikulu, n'kusiya kabowo kaja kamene ndi chipinda chogona cha bwana mwini. Musagwiritse ntchito waya wotsukira mapoto, chifukwa mkwasa uliwonse watsopano ndi chipinda china chimene mwawamangira.

Kenako sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi kapu imodzi ya madzi, munyowetse mkati monse ndi chivindikiro chomwe, musiye kwa theka la ola. Apa ndi pamene Che Fungo amamvadi kuwawa. Ma amini aja amafika m'mphuno chifukwa amauluka, koma akakumana ndi chowawasa amasanduka mtundu wa mchere umene suuluka ndipo umachoka ndi madzi. N'chifukwa chake nsomba yokazinga imayenda ndi ndimu. Ngati viniga palibe, mandimu angapo a pamsika agwira ntchito yomweyo. Tsukuluzani bwino, ndipo viniga atachoka, phalani masupuni atatu a soda wothira m'therere uja ndi supuni imodzi ya madzi, mupake phalalo m'makona ndi paliponse pamene pali mikwasa, ligone usiku wonse. M'mawa tsukuluzani, mupendeketse bokosi padzuwa lili chitsegukire mpaka liume gwa. Maola ochepa akwana. Pulasitiki yoiwalidwa padzuwa masiku ambiri imafwifwa ndi kuuma, ndipo chivindikiro chingapindike.

Musafulumire kuimba nthungululu. Bokosi lotsegula nthawi zonse limaoneka lolapa. Kuti mudziwe zoona, litsekeni lopanda kanthu usiku umodzi, m'mawa mulowetsemo mphuno. Akakhala kuti akadalimo, ikanimo mbale ya makala ouma ophwanyaphwanya ndi nyuzipepala zakale zofwinyafwinya, mutseke masiku awiri kapena atatu. Makala ali ndi timabowo tosawerengeka timene timakola mpweya wonunkha. Nyuzipepala nazo zimayamwa, ndipo kwa zina mwa izo, maka zodzaza ndi malonjezo a misewu, imeneyi imakhala ntchito yoyamba yooneka.

Jiki ndi wa pomaliza, pamene mwaona nkhungu yakuda kapena nsomba zinaoleramo. Supuni imodzi yaikulu m'malita 4 a madzi ndi yokwanira, kwa mphindi zochepa, n'kutsukuluza kwambiri. Apa nthabwala ndaika pansi: jiki asakumane ndi viniga kapena mandimu, chifukwa pamatuluka mpweya wa kulorini umene umawotcha maso ndi mapapo. Ndipo ngati bokosi lanu ndi lija loyera lopepuka lofumbutuka ngati chimanga chokazinga, vomerezani kuti Che Fungo apambana. Madzi a nsomba amalowa pakati pa timibulu take, kumene mswachi sufika. Bzalanimo tomato.

Che Fungo ali ndi mlamu wawo, Mayi Anyezi, amene amakwera galimoto yomweyo pa Lizulu koma iwo amakonda thabwa lodulirapo ndiwo. Ukoma wawo ndi woti sasankha. Chilichonse chodulidwa pathabwa lawo amachidalitsa mofanana, kaya ndi buledi wa ana a sukulu, kaya ndi papaya la alendo. Chinanazi chokoma anyezi ndi chipatso chimene sichimera m'munda uliwonse, koma nyumba zambiri zachidyapo mwakachetechete poopa kukhumudwitsa wophika.

Mayiwa ndi a mtundu wina. Fungo lawo ndi la salufa, amene amatuluka mpeni ukangophwanya anyezi, yemweyo amene amatiliritsa popanda maliro. Salufa sagonja kwa chowawasa mmene amagonjera ma amini a nsomba, choncho ndimu yekha sakwanira. Thabwa limamwa madzi a anyezi m'mitsempha yake ndi m'mabala a mpeni, ndiye pafunika kukwecha. Wazani mchere wamiyala wodzaza dzanja, mutenge ndimu wodula pakati, mukweche motsata mitsempha ya thabwa, musiye mphindi khumi, mupale ndi msana wa mpeni. Zotuwa zimene zichoke pamenepo musaziyang'anitsitse, ndi ndiwo za chaka chatha. Likapitirira kununkha, phala la soda lija ligonepo. Poyesa, linyowetseni pang'ono, poti thabwa louma limabisa mlandu ndipo likanyowa limaulula.

Cholakwa chachikulu ndi kuliviika m'beseni usiku wonse. Thabwa limafufuma, pouma limang'aluka, ndipo mng'alu ndi malo amene Che Fungo ndi mlamu wawo amakumana n'kuyamba banja. Litsukeni msanga mukangomaliza kudula, muliimike chilili kuti mphepo ipite mbali zonse ziwiri. Likakhala ndi mabala akuya, kalipentala aliyense angalipale ndi sandipepala, koma lokhala ndi mng'alu wakuda ndi nkhuni basi. Ena amalipaka mafuta ophikira kuti lisamwe madzi, osadziwa kuti mafutawo amasasa n'kubweretsa mlendo wachitatu. Ofunika ndi mafuta oyera a parafini wa mankhwala, ogulidwa ku famase, osati parafini wa nyali, chonde. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kulemba chizindikiro mbali imodzi ya thabwa kuti ikhale ya nsomba ndi anyezi, inayo ya buledi ndi zipatso, ngakhale m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri lamulo lotere limakhala moyo mpaka Lachitatu.

Aneba anga, amene ndikudziwa kuti amawerenga magaziniyi poibwereka, amve izi: kulabokosi ndidzakubwerekaninso, sindine munthu woipa mtima. Koma pobweza, chivindikiro chikhale chotsegula, muikepo kamtengo pakati. Mukaibweza yotseka, ndidzaitsegulira pakhonde panu, nthawi ya nsima, apongozi anu atabwera.