Fodya wapachala ndi mita ya alandilodi

Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena za fodya wonunkhiza, uja agogo amatapa m'kabotolo n'kumutsina pakati pa zala. Mphepo ya ku Dedza m'mwezi wa June ikangoti kupe, agogo amatsala akununkhiza chala. Akale aja sanaone mita ya magetsi, koma mphunzitsi wina wochita lendi pa Dedza boma akhoza kulumbira kuti mwambiwu anaupekera iyeyo.

Mphunzitsiyu amakhala m'kanyumba ka kuseri, ka zipinda ziwiri, ndipo eni malo amakhala m'nyumba yaikulu ya kutsogolo. Mita ya ESCOM ndi imodzi, ndipo kabokosi kolowetsera tokeni kali pabalaza pa alandilodi. Pangano lake ndi lakuti aliyense azisonkha theka. Mwezi ukatha iye amagula mayunitsi pa Airtel Money kapena pa Mpamba, manambala 20 aja amabwera pafoni, iye n'kukagogoda kutsogolo kuti amulowetsere. Fodya uja amafika pachala pomwepo. Pakangotha sabata ndi theka, mita yayamba kulira ngati mwanapiye wotayika, ndipo mwana wa alandilodi ali pakhomo: “Akuti magetsi atsala pang'ono.”

Dedza ndi tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja yamchere, ndipo June ndi July kuno sachita chibwana. Kumunsi ku Golomoti, m'boma lomweli, dzuwa limawotcha mpaka anamangako malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma kumtunda kuno munthu amagona atavala chipewa, ndipo amene ali ndi hita amaiyatsa osafunsa mnzake.

Usiku wina mphunzitsi uja, pokhala wa masamu, anatenga kope n'kuyamba kuwerengera. Yunitsi imodzi ndi chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola lathunthu. Iye ali ndi mababu anayi a mawati 9 amene amayaka maola 5, wailesi ya kanema ya mawati 60 yoonera maola 4, ndi foni. Zonsezi pamodzi sizikwana theka la yunitsi patsiku. Kuwonjezapo kusita malaya Lamlungu madzulo, mwezi wonse amadya mayunitsi ngati 15. Nsima amaphika pa mbaula.

Kutsogoloko nkhani ndi ina. Hita ya mawati 2,000 ikayaka kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko usiku yameza mayunitsi 8, ndipo pamwezi ndi 240. Hotipuleti ya mawati 1,000 imene imalimbana ndi nyemba maola atatu patsiku imatenga 90. Osawerengera firiji, mpanda wonse ukudya mayunitsi 345, ndipo theka lake ndi oposa 170. Munthu wa mayunitsi 15 akulipira 170. Ndiye kuti mwezi wonse wa June iye amawothetsa mapazi a banja la eni ake, ake ali m'masokosi awiri.

Palinso china chimene ambiri ogawana mita sachidziwa. Pa mtengo wa magetsi a m'nyumba umene bungwe la MERA limavomereza, mayunitsi 50 oyamba pamwezi amakhala otchipa, ndipo opitirira pamenepo amakwera. Mayunitsi 50 amenewa amaperekedwa pa mita, osati pa banja. Mphunzitsi uja akanakhala ndi mita yake sakanatuluka m'mayunitsi otchipawo chaka chonse. Pa mita yogawana, hita ndi nyemba zimawamaliza asanathe masiku asanu.

Koma kope si umboni, ndipo alandilodi sangagonje chifukwa cha masamu a munthu wakuseri. Choncho Loweruka lina anazimitsa zonse m'kanyumba kake, n'kupempha mwaulemu kuti aone manambala a pamita, ndipo anapita kukacheza ku Bembeke. Atabwerako Lamlungu madzulo anapeza mayunitsi atsika ndi 20, m'nyumba mwake musanayake ngakhale babu. Apa mpamene analemba kalata.

Kalata yopita kwa alandilodi ndi luso palokha, chifukwa munthu amene ukumudandaulira ndi yemweyo angakuuze kuti mwezi ukatha nyumba akuifuna. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za mayi ndi ana, ndi kuthokoza chifukwa cha mbatatesi zimene anamugawira. Mawu akuti hita sanawalembe paliponse. Pakati pake anati: “Bambo, ndaona kuti nkhani ya mayunitsi ikumakuvutitsani mwezi ndi mwezi, mpaka kumatuma mwana usiku kukuzizira. Ndimati ndipemphe, ngati n'kotheka, kanyumba kanga kakhale ndi mita yakeyake, kuti ndikawononga magetsi ndizidzilanga ndekha, inu musamavutike nane.” Munthu woberedwa akupepesa ngati wakuba. Manambala a Loweruka lija anawaika kumapeto, mwakachetechete, ngati chinthu chongokumbukira.

Chimene chinapatsa kalatayo mphamvu n'chakuti sinangolira, inatchula njira ziwiri. Yoyamba ndi mita yeniyeni ya ESCOM. Pamenepa mawaya a kanyumba ayenera kudulidwa ku nyumba yaikulu n'kukhala ndi bokosi lawo la masiwichi, ntchito yogwiridwa ndi mmisiri wa magetsi wovomerezeka ndi MERA, osati mphwake wa alandilodi amene “amadziwako za mawaya”. Kenako pamakhala kukalembetsa, a ESCOM kudzayendera, kuuzidwa mtengo, kulipira ndi kudikira. Wa lendi sangaziyendetse yekha, popeza nyumba si yake. Ndipo tsiku losamuka mita saimangirira pa mtolo wa ziwiya, imatsala. N'chifukwa chake mphunzitsiyu analemba kuti ngati atulutse ndalama ndi iye, azidula pa lendi pang'onopang'ono, ndipo panganolo alisainirane papepala.

Njira yachiwiri ndi kamita kongowerenga, kogula m'sitolo ya zamagetsi, kamene mmisiri amakaika pa waya wolowa m'kanyumba. N'kotchipa ndipo kamalowa tsiku limodzi. Koma kameneka ndi mboni chabe. Kamanena kuti wakuseri wadya mayunitsi angati, iye n'kulipira omwewo, koma sikalandira tokeni, sikabweretsa mayunitsi ena 50 otchipa, ndipo a kutsogolo akaiwala kugula, mdima umagwa mpanda wonse. Fodya amakhala akadali pachala, kungoti tsopano pali wina woona kumene mphepo yamuulutsira.

Alandilodi anasunga kalatayo masiku anayi. Lachisanu anamuitana n'kumufotokozera kuti iwo anaganiza kale kuti vuto ndi nsimbi yake, pakuti aphunzitsi amakonda kusita. Za mita ya ESCOM anati aziona akagulitsa mbatatesi. Kamita kowerenga anavomera, ndi mtima woti chilungamo chioneke ndipo mnyamatayu achite manyazi.

Mwezi wa July utatha anasonkhana onse kuseri, alandilodi atavala magalasi, mayi atanyamula tochi. Kamita kanalemba 16. Alandilodi anakagogoda ndi chala kawiri, n'kufunsa ngati mmisiri uja si mnzake wa aphunzitsi. Madzulo a tsiku lomwelo pabalaza la kutsogolo panaoneka mbaula ya makala, hita itabwerera m'katoni yake pamwamba pa kabati. M'mawa mwake mwana uja anabweranso kudzagogoda, atanyamula kapepala kopinda bwino, konena kuti chifukwa cha kukwera kwa zinthu, lendi ikwera kuyambira September.