Mphindi Ziwiri Zathu Zija

Pa ofesi palibe mawu oopsa kuposa akuti "bwana, ndimafuna ndikuoneni pambali, mphindi ziwiri zokha." Amene wauzidwa amayamba kuwerengera mumtima ndalama zimene zatsala m'thumba, chifukwa mawu amenewa kawirikawiri amabala ngongole, uthenga wa maliro, kapena envulopu ya mphwake wa munthu amene akusaka ntchito. Tsono ife a mtundu wanga, amene takalambira pa desiki imodzi mpaka mpando unatengera maonekedwe athu, tikafuna kufunsa mnzathu mmene anakwerera pa ntchito timalowera khomo lomweli, kenako n'kumadandaula kuti anthu ophunzira ndi odzikonda. Mlandu ndi wathu. Munthu sakana kufotokoza za moyo wake, ndipo ambiri amaikonda nkhaniyo kuposa nsima ya masana. Chimene amathawa ndi pempho losaoneka mutu wake ndi mchira wake.

Tiyerekeze kuti kalaliki akufuna kudziwa njira ya ntchito yowerengera ndalama, ndipo pa ofesi pomwepo pali mayi amene anamaliza mayeso a ICAM akugwira ntchito. Pempho labwino ndi lalifupi: "Mayi, si za ndalama ayi. Ndikuganiza zoyamba maphunziro amene munachita aja, ndipo ndili ndi mafunso atatu. Mungandipatseko mphindi 15 tsiku limene mungamasuke sabata ino?" Chiganizo choyambacho n'chimene chimatsitsa mapewa a mayiwo. Tsikulo asankhe okha, koma nawenso khala ndi maso: wa ku akaunti samuyandikira kumapeto kwa mwezi pamene akukonza malipiro, kapena pamene tsiku la 14 layandikira, loti msonkho wa PAYE ukhale utafika ku MRA. Masiku amenewo ngakhale moni amayankha ndi mphuno.

Ena adzati kuikira munthu wamkulu malire a nthawi ndi mwano, ndipo kwathu kuno nkhani siyamba moni asanathe. Ndikuvomera, pakuti inenso ndine mmodzi wa anthu amene sangafunse njira ya ku chimbudzi asanamve za ana, za mayi a kunyumba ndi za mvula ya kumudzi. Koma tawerengani. Moni wathu wathunthu, pamodzi ndi kudandaula za mtengo wa feteleza, amadya mphindi 10 mosavuta, ndipo funso lenileni limatuluka mayi aja atayamba kale kuyang'ana foni. Malire aja sakumanga iwo, akumanga iwe. Moni wautali umupereke m'mawa pakhonde, pamene salipiritsa. Pa nthawi imene wapemphayo, mphindi ziwiri zikwane moni, khumi zipite ku mafunso, zitatu zotsalazo ufunse ngati pali wina amene angakuuze zambiri, uthokoze, unyamuke wekha. Akati "khalani kaye," zikatero nthawi ndi yawo, akugawa okha.

Chitsutso champhamvu n'chakuti zaka 20 za ntchito sizingalowe m'mphindi 15. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake funso lakuti "munafika bwanji pamenepa?" ndi msampha umene timadzitchera tokha. Munthu ukamufunsa choncho amayambira ku Sitandade 1, pansi pa mtengo wa mango, wopanda nsapato, ndipo ola la nkhomaliro limatha asanalembe n'komwe mayeso a Fomu 4. Iwe umatuluka utamva ulaliki wa kupirira, koma osadziwa kuti fomu yolembetsera amakatenga kuti. Mafunso akhale opapatiza, oti yankho lake munthu angaligwiritse ntchito Lolemba: ndi phunziro liti limene linawavuta kwambiri ndipo analigonjetsa bwanji, ankawerenga nthawi yanji pamene masana onse ali pa ntchito, ndipo atapeza pepalalo chinasintha n'chiyani, udindo kapena dzina lokha. Zimene zalembedwa kale poyera, monga ndalama zolipirira mayeso, kaziwerengere wekha. Paja amati safunsa anadya phula, koma wofunsa zimene zapachikidwa pa bolodi amadyetsa phula mnzake.

Kuti wapitirira muyezo sikuvuta kudziwa, kungoti ife timadziwa mochedwa. Mayi aja akayamba kunena "chabwino, chabwino" kawiri motsatizana, akusanja mapepala amene anali osanjika kale, ndiye kuti nthawi inatha kalekale. Akaimirira n'kunena kuti akuperekeze, usaganize kuti ndi ulemu wa kumudzi. Ndipo pa mphindi yomaliza ija, pamene mtima ukukunong'oneza kuti poti mwagwirizana chonchi ungotchulako za kangongole ka minibasi, luma lilime. Ukatchula, mawa lake ofesi yonse idzakhala itadziwa kuti mafunso atatu aja ali ndi mng'ono wawo wachinayi.