Ndikungopempha Batani la Dzira

Palibe nkhuku, kaya yachikuda kaya yachizungu, imene imaikira dzira lokhala ndi bakodi. Aliyense amadziwa zimenezi kupatula anthu amene anakonza pulogalamu ya m'kompyuta ya m'golosale yanga kuno ku Bangwe.

Sopo, shuga ndi majarini zimabwera ndi timizere takuda tija, pansi pake pali manambala 13. Ukaloza sikana imalira kuti tii, mtengo n'kuoneka pa sikirini, kasitomala n'kudziwa kuti walowa mwa munthu wotsogola. Kunena zoona, makinawa ndinawagulira kulirako, kuti a neba anga a okala azikumva. Koma chimene chimandidyetsa ine ndi ana anga ndi mazira, ndipo anthu a kuno sagula tileyi. Amagula limodzi, akalemera awiri.

Tamverani ulendo wa dzira limodzi la K400. Ndimadina `Search`, n'kulemba `egg`. Ine ndimalemba ndi chala chimodzi, ndipo chilembo cha G chimasamuka malo usiku uliwonse. Ndikachipeza pamatuluka mizere itatu: `EGGS TRAY 30`, `EGGS HALF TRAY`, ndipo pansi penipeni `EGGS SINGLE`. Ndimatsika kawiri, kudina `Enter`, kabokosi ka `Qty` n'kundifunsa kuti angati. Ndilembe 1, ndidinenso `Enter`, kenako ndiye tiyambe za kulipira. Ukafulumira n'kudina mzere woyamba, mwana amene watumidwa dzira limodzi amaona K12,000 pa sikirini, n'kuthamanga kukaitana amayi ake.

M'mawa mzere umafika pakhonde. Mayi wina wophika mandasi, amene sandiopa ngakhale nditavala magalasi, anandifunsa kuti, "Achimwene, mukugulitsa dzira kapena mukulilembera kalata yopita ku Joni?"

Kuchedwako n'kopiririka. Chowawa chimabwera madzulo. Yamikani, mwana wa achemwali anga amene amandithandiza pa kauntala, mzere ukatalika amasiya kompyuta, kupereka dzira, ndalama n'kuponya m'chitini cha majarini, poti dirowa ya ndalama simatseguka ngati sunalowetse malonda. Tsiku lina tinayamba ndi matileyi atatu, mazira 90. Potseka kompyuta inati atsala 60, pa shelefu panali 22. Ndiye kuti mazira 38 anatuluka osalembedwa, ndalama zake K15,200. M'chitini munali K14,000. Mazira atatu, K1,200, anapita kuti? Anasweka? Anakongoletsedwa? Analowa m'thumba? Makina amene ndinagula kuti azindiyankha mafunso oterewa anali chete, chifukwa sanauzidwe kanthu. Ndinayang'ana Yamikani mwaukali. Mayi a kunyumba anangoyang'ana pamimba panga, ndipo mlandu unaimitsidwa kaye.

Yamikani anabwera ndi nzeru. "Malume, sikana ndi kiyibodi chabe. Imawerenga timizere, kulemba manambala, n'kudina `Enter` yokha. Tiyeni dzira tilipatse nambala yake m'kompyuta, tisindikize bakodi, tiimate pa kauntala." Zinayenda bwino mpaka masana. Sikana yanga ndi ija yowerenga yokha ikangoona timizere, ndiye nthawi iliyonse ndikaigoneka pafupi ndi pepalalo inkalira tii. Abusa anagula machesi n'kupatsidwa lisiti ya machesi ndi mazira anayi. Pofika Loweruka pepalalo linali litamwa mafuta ophikira moti silinkawerengekanso.

Apa ndinaganiza zolembera kalata a kampani amene anandigulitsa pulogalamuyi. Tsamba loyamba ndinawapatsa moni, iwo ndi onse a muofesi, n'kuwafotokozera za mvula. Lachiwiri ndinalongosola mbiri ya golosale kuyambira pamene inali tebulo la tomato. Dzira linatulukira pa tsamba lachitatu. Mayi a kunyumba atawerenga anati, "Bambo a Chisomo, anthuwa simukukafunsira mbeta kwawo. Auzeni chimene chikuvuta, mmene mukuchitira panopa, ndi mmene mukufunira." Anatenga cholembera changa chomwe n'kukhwatcha masamba awiri ndi theka. Yotsala ndi iyi:

"Okondedwa Bwana,

"Ndine kasitomala wanu wa golosale ku Bangwe. Nambala ya pulogalamu imene ndili nayo ndaikopera m'munsimu kuchokera pa `About`, kuti mudziwe ngati ndi yatsopano kapena yakale.

"Mazira alibe bakodi, ndipo ndi amene ndimagulitsa pafupipafupi kuposa katundu wina aliyense. Kuti ndilowetse dzira limodzi panopa ndimadutsa `Search`, kulemba dzina, kusankha pa mizere itatu yofanana, ndi kulemba kuchuluka kwake. Mzere ukatalika timagulitsa osalowetsa, ndiye chiwerengero cha katundu chimanama.

"Ndikupempha batani limodzi loti ndikadina, `EGGS SINGLE` ilowe pa lisiti nthawi yomweyo. Ndayesa mabatani onse a pamwamba, kuyambira `F1` mpaka `F12`. Ena ali kale ndi ntchito, koma `F6` imangokhala. Ndikadina kamodzi likhale dzira limodzi. Ndikayamba ndalemba `3*` kenako `F6`, akhale atatu.

"Mtengo batanilo lizikautenga pamene ndimalemba mitengo ya katundu, musaukhomere mkati mwake, chifukwa mtengo wa mazira sugona pamodzi. Lizichotsanso dzira pa chiwerengero cha katundu monga mwa masiku onse. Lisamatsegule dirowa ya ndalama; dirowa izitseguka pokhapokha munthu akalipira.

"Ngati n'kotheka, ndipatseni mphamvu yosankha ndekha katundu wa pa batani, kuti za buledi ndi mafuta oyeza ndisadzakuvutitseninso.

"Ine wanu, wa mazira."

Ndime ya dirowa anaonjezera ndi mayi a kunyumba. Anati batani lotsegula ndalama popanda malonda, m'sitolo imene muli ine ndi Yamikani, likhoza kutisamutsira kumudzi Khirisimasi isanafike. Ya mtengo ndi yanga, ndipo ndikuinyadira, chifukwa batani logulitsa dzira pa mtengo wa chaka chatha ndi wakuba amene wamulemba ntchito wekha.

Kalatayo ndinailemba pamanja, Yamikani n'kuijambula pa foni ndi kuitumiza pa WhatsApp. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu madzulo omwewo, ndipo ndinauza a neba kuti a kampani akundikonzera batani langalanga. Yankho linabwera patapita nthawi, laulemu kwambiri. Anati ganizo langa ndi labwino, aliika pa mndandanda wa zopempha, ndipo amayamba kukonza zimene apempha makasitomala ambiri. Pansi pake anandikumbutsa kuti ndalama ya pachaka ya pulogalamu yatsala pang'ono kukwana. Mzere umenewu anaulemba ndi zilembo zonenepa.

A neba tsopano amandipatsa moni wakuti, "Batani lafika?" Ndimawayankha kuti lili m'njira, ladutsa kale pa Mwanza.

Ndiye inu anzanga a magolosale amene muli ndi pulogalamu ngati yangayi, kaya muli ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi, poti akuti amawerenga mitu ya anthu, lembani nanunso. Kalata ili pamwambayi koperani ulere, mungosintha dzina la malo. Chonde tonse tipemphe `F6` yomweyo, tisawasokoneze.